Mwezi ndi womwewo, nanga Idi ikusiyaniranji tsiku?

Lachinayi pa 20 Epulo 2023, anthu a m'tauni ya Exmouth ku Australia ndi a pachilumba cha Biak ku Indonesia anaona mdima ukugwa masanasana. Anali kadamsana. Mwezi unadutsa pakati penipeni pa dziko ndi dzuwa, ndipo aliyense amene anakweza maso anadzionera yekha nthawi imene mwezi wakale umatha, watsopano n'kubadwa. Ku Jakarta nthawi inali itangodutsa 11 koloko m'mawa. Kuno ku Malawi inali itangopitirira pang'ono 6 koloko, anthu akutsuka m'kamwa.

Tsiku lomwelo linali la 29 la mwezi wa Ramadani. Munthu akanaganiza kuti chaka chimenecho sipakhala kusiyana, popeza kumwamba kunali kutapereka umboni woonekera kwa onse. Koma m'mawa mwake, Lachisanu, Asilamu mamiliyoni ambiri a ku Indonesia anavala zoyera kupita kukaswali Idi, pamene anansi awo a khomo loyandikana anali atadya daku n'kumanga tsiku la 30. Awa anachita Idi yawo Loweruka. Mabanja ena anagawika pawiri m'nyumba imodzi, mayi akuphika chakudya cha chikondwerero, mpongozi ali pa swaumu.

Magulu awiriwa sanasiyane pa masamu. Onse ankadziwa bwino pamene mwezi unali madzulo amenewo, mpaka mphindi yake. Anasiyana pa funso lina: kodi mwezi watsopano umayamba ukangokhalapo kumwamba, kapena ukafika poti diso la munthu n'kuuona?

Kalendala ya Chisilamu imayenda ndi mwezi wakumwamba basi, siyang'ana dzuwa kapena nyengo. Kuchokera pa kubadwa kwa mwezi kufika pa kubadwa kwa wina pamatenga masiku 29 ndi theka, kuwonjezapo mphindi pafupifupi 44. Theka la tsiku silingalembedwe pa kalendala, choncho mwezi uliwonse umakhala wa masiku 29 kapena 30, sungakhale wa 28 kapena 31. Chaka chonse chimakwana masiku 354 kapena 355, ndipo n'chifukwa chake Ramadani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 10 kapena 11 chaka ndi chaka, nthawi zina kugwa m'dzinja, patapita zaka n'kugwa m'chilimwe.

Tsiku la Chisilamu limayamba dzuwa likalowa. Choncho zonse zimagamulidwa madzulo a tsiku la 29. Malangizo a Mtumiki Muhammad, amene ali m'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim, ndi akuti anthu ayambe kumanga akauona mwezi, asiye akauonanso, ndipo ngati mitambo yauphimba akwanitse masiku 30. Mwezi ukaoneka madzulo amenewo, mawa ndi 1 Shawali, tsiku la Idi. Ukapanda kuoneka, mawa ndi 30 Ramadani, Idi n'kukhala mkuja. Njira ndi ziwiri zokha, ndipo apa ndi pamene pamachokera kusiyana kwa tsiku limodzi.

Nkhaniyi ndi yolemera kwa wokhulupirira chifukwa kumanga pa tsiku la Idi n'koletsedwa, ndipo kudya masana a Ramadani popanda chifukwa n'koletsedwanso. Tsiku limodzi lomwelo, wina amaliona ngati lokakamizidwa kumanga, mnzake ngati loletsedwa kumanga. Palinso zakaati ya fitiri, chakudya chimene chimayenera kufika kwa osauka swala ya Idi isanachitike, komanso funso la usiku womwewo, ngati anthu aimirire kuswali tarawehe kapena ayambe kukweza matakibira.

Mwezi ukangobadwa suoneka. Umakhala mbali imodzi ndi dzuwa, nkhope yake yowala itayang'ana kutali ndi ife. Akuluakulu akumudzi amati mwezi uli kumdima. Kenako umayamba kutalikira dzuwa pang'onopang'ono, pafupifupi theka la digiri pa ola lililonse, kapena kuti madigiri 12 pa tsiku. Kuti digiri imveke, munthu atambasule mkono n'kuimika kachala kakang'ono: m'lifupi mwa kachalako muli pafupifupi digiri imodzi ya thambo, ndipo nkhonya yonse ndi madigiri 10.

Kuti kamwezi kopyapyala kaja kaoneke, pamafunika zinthu zingapo nthawi imodzi. Kakhale katatalikira dzuwa mokwanira kuti m'mphepete mwake muwale. Kakhale pamwamba ndithu dzuwa likamalowa, chifukwa m'chizimezime mumakhala fumbi, utsi ndi kufiira kwa madzulo. Ndipo kachedwe kulowa, kuti thambo liyambe lachita kamdima iko kasanabisike kuseri kwa mapiri. Katswiri wa zakuthambo wa ku France, André Danjon, anapeza m'zaka za m'ma 1930 kuti mwezi ukakhala pafupi ndi dzuwa kuchepera madigiri 7, kachigawo kake kowala sikaoneka ndi maso. Mwezi waung'ono kwambiri umene akatswiri amavomereza kuti munthu anauona ndi maso okha unali wa maola 15 ndi theka. Kawirikawiri anthu wamba amayamba kuuona utadutsa maola 18 kapena 20.

Tsopano tibwerere ku Jakarta madzulo a 20 Epulo. Dzuwa linalowa 6 koloko isanakwane, mwezi uli ndi maola osakwana 7. M'dziko lonse la Indonesia, kuyambira kum'mawa mpaka kumadzulo kwake, unali pamwamba pa chizimezime ndi madigiri osakwana 2 ndi theka, ndipo unali utatalikira dzuwa ndi madigiri atatu okha pamalo pamene unatalikira kwambiri. Unalipo ndithu, koma panalibe diso kapena makina oonera kutali amene akanauona m'kuwala kwa madzulo.

Bungwe la Muhammadiyah, limene Ahmad Dahlan analiyambitsa ku Yogyakarta mu 1912, linali litalengeza tsiku la Idi miyezi ingapo Ramadani isanayambe. Njira yake inali ya hisabu, ndiko kuti kuwerengetsa. Lamulo limene linkatsata pa nthawiyo linali losavuta kumva: ngati mwezi wabadwa dzuwa lisanalowe, ndipo dzuwa likamalowa mweziwo udakali pamwamba pa chizimezime, ngakhale pang'ono chabe, mwezi watsopano wayamba. Maulama a bungweli amafotokoza kuti m'masiku a Mtumiki kuyang'ana ndi maso inali njira yokhayo yodziwira kuti mwezi ulipo, chifukwa anthu ambiri sankalemba kapena kuwerengetsa. Lero masamu amene amalosera kadamsana mpaka sekondi yake angathenso kunena motsimikiza kuti mwezi ulipo. Amakumbutsanso kuti nthawi za swala zisanu anthu amaziwerenga pa kalendala ndi pa wotchi, palibe amene amatuluka kukayeza mthunzi. Pa 20 Epulo zofunika zawo zonse zinakwana, choncho Idi yawo inali Lachisanu pa 21, atamanga masiku 29 kuchokera pa 23 Malichi.

Bungwe la Nahdlatul Ulama, limene linayamba ku Surabaya mu 1926 ndipo ndi lalikulu kuposa onse m'dzikomo, limagwira mawu a hadisi mmene alili: lamulo linamangidwa pa kuona, ndipo kuonako ndi mbali ya kupembedza. Nalonso lili ndi akatswiri a masamu, koma masamuwo ntchito yake ndi kulozera oyang'ana kumene aponye maso, ndi kuthandiza kukana umboni wosatheka.

Boma la Indonesia limaphatikiza ziwirizi. Madzulo a tsiku la 29 Unduna wa Zachipembedzo umatumiza oyang'ana m'malo oposa 100, m'mphepete mwa nyanja, pamapiri ndi pamwamba pa nyumba zitalizitali, kenako umachititsa msonkhano wotchedwa sidang isbat, umene anthu amadikira zotsatira zake pa kanema. Kuyambira 2022 boma limagwiritsa ntchito muyeso umene linagwirizana ndi Malaysia, Brunei ndi Singapore: mwezi ukhale pamwamba ndi madigiri osachepera 3, ndipo utalikire dzuwa ndi madigiri osachepera 6.4. Madzulo amenewo muyeso sunakwane ndipo palibe anauona. Nduna Yaqut Cholil Qoumas inalengeza kuti Ramadani ikwanitsidwe masiku 30, Idi ikhale Loweruka pa 22.

Kusiyanaku kunafika mpaka pa nkhani ya mabwalo. M'mizinda ya Pekalongan ndi Sukabumi panabuka mkangano ngati bwalo la boma lingaperekedwe kwa a Muhammadiyah kuti aswalirepo Lachisanu, tsiku limene boma silinalitche Idi. Nduna inapempha akuluakulu a m'madera kuti asawatsekereze oswaliwo. Atsogoleri a mbali zonse analangizanso anthu awo kuti odya asadyere pamaso pa omanga.

Madzulo omwewo, dzuwa linapitiriza ulendo wake wa kumadzulo, ndipo mwezi unkakula ola ndi ola. Pamene linkalowa ku Makka, patadutsa maola pafupifupi asanu chilowereni ku Jakarta, mwezi unali ndi maola 11 ndi theka. Ku Morocco unali ndi maola pafupifupi 15. Pofika kugombe la kumadzulo kwa America unali utadutsa maola 20, msinkhu woti diso limauona kukakhala kopanda mitambo. Ichi ndi chifukwa chachiwiri cha kusiyana, ndipo ndi cha chilengedwe: amene ali kumadzulo amakumana ndi mwezi wokulirapo kuposa amene ali kum'mawa. Mzere wolekanitsa oona ndi osaona sukhala malo amodzi, umasuntha mwezi ndi mwezi, ndipo ndi wokhota, kotero kuti nthawi zina maiko a kumwera amauona pamene a kumpoto sakuuona, nthawi zina n'kukhala mosemphana. Mzerewo suona malire a maiko. Ungathe kudutsa pakati pa mizinda iwiri yoyandikana.

Apa pakubuka funso lakale kwambiri. Ngati anthu a dera lina auona, kodi enanso onse atsatire? Buku la Muslim limasimba za Kurayb, amene anapita ku Shamu m'masiku a Muawiya ndipo kumeneko anauona mwezi wa Ramadani usiku wa Lachisanu. Atabwerera ku Madina kumapeto kwa mweziwo, Ibn Abbas anamuuza kuti iwo anauona usiku wa Loweruka, ndipo apitiriza kumanga mpaka akwanitse 30 kapena auone okha. Sanatengere kuona kwa ku Shamu. Pa nkhaniyi ndi pamene maulama a mazihabu ya Shafii, imene Asilamu ambiri a ku Malawi, kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi ku Indonesia amatsata, anamangapo chiphunzitso chakuti madera otalikirana aliyense ali ndi thambo lake. Maulama ambiri a mazihabu a Hanafi, Maliki ndi Hanbali anaphunzitsa kuti umboni wodalirika ukapezeka kwina kulikonse, onse amene uthenga wawafika atsatire.

Kale kusiyana kwa ziphunzitsoku sikunkavuta kwenikweni, chifukwa uthenga unkayenda pa ngamira kapena pa ngalawa, ndipo pofika kutali tsikulo linali litadutsa. Lero chilengezo cha ku Riyadh chimafika pa foni ya munthu ali ku Mangochi kapena ku Lichinga dzuwa litangolowa, shehe wa pamzikiti asanamve kuchokera kwa amene anapita kukayang'ana.

Mu 2023 khoti lalikulu la ku Saudi Arabia linalandira umboni wa anthu amene anati auona mwezi Lachinayi madzulo, ndipo linalengeza Idi Lachisanu. Maiko ambiri a Aluya anatsatira. Oman, imene ili malire ndi Saudi Arabia, inati sunaoneke, n'kuchita Idi Loweruka. Chimodzimodzi Morocco, Pakistan, India ndi South Africa, kumene oyang'ana mwezi a ku Cape Town amasonkhana m'mphepete mwa nyanja pa Three Anchor Bay. Akatswiri ambiri a zakuthambo anali atanena kale kuti madzulo amenewo mwezi sungaoneke ndi maso m'dera la Aluya, chifukwa unali usanafike madigiri 7 aja. Koma malamulo a umboni amayang'ana kwambiri kukhulupirika kwa mboni, ndipo makhoti amasiyana pa mphamvu imene amapereka ku masamu. Ena amakana umboni umene masamu akuutsutsa. Ena amati mboni yolungama ikalumbira, nkhani yatha.

Mboni ingalakwe popanda kunama. Munthu amene wayang'anitsitsa kumadzulo kwa mphindi 20, mtima ukufunitsitsa, angathe kuona kamtambo kopyapyala kowala, mzere wa utsi wa ndege, kapena nthanda ikuthwanima m'kufiira kwa madzulo, n'kukhulupirira ndi mtima wonse kuti waona mwezi. N'chifukwa chake ofunsa mboni odziwa ntchito amafufuza zinthu zingapo. Unauona nthawi yanji, dzuwa litalowa mphindi zingati? Unali kumanja kapena kumanzere kwa pamene dzuwa linalowera? Unali pamwamba zala zingati? Nyanga zake zinaloza kuti? Mimba yowala ya kamwezi nthawi zonse imayang'ana kumene kuli dzuwa, nyanga n'kuloza kwina, choncho amene wanena zosemphana ndi izi waona china. Ndipo ngati masamu akusonyeza kuti mwezi unalowa dzuwa lisanalowe, panalibe choti chioneke. Pa chiwerengero cha mboni, maulama a Shafii amalola mmodzi wolungama poyamba Ramadani, koma pomaliza amafuna awiri, kuopa kudula ibada pa mawu a munthu mmodzi.

Kumene kulibe boma la Chisilamu kapena khoti limodzi logamula, funso la yemwe alengeze limakhala lalikulu kuposa ena onse. Ku Britain mitambo imaphimba kawirikawiri ndipo mwezi waung'ono umavuta kuona. Mizikiti ina inasankha kutsatira Saudi Arabia, ina imatsatira Morocco monga dziko la Chisilamu lapafupi limene limayang'ana mwadongosolo, ina imadalira kuwerengetsa. Mu Epulo 2023 m'mizinda ngati Birmingham ndi Leicester, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, mizikiti ya m'dera limodzi inaswali masiku osiyana, ndipo makolo anafunika kufotokozera aphunzitsi chifukwa chimene ana a kalasi imodzi akupempha tchuthi masiku awiri.

Ku Malawi, kumene Idi yotsekera Ramadani ndi tchuthi cha boma, anthu amadikira chilengezo cha mabungwe akuluakulu monga Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi. Mafunso amene atsogoleriwa amakumana nawo ndi omwewa. Nthawi ya Malawi imasiyana ndi ya ku Makka ndi ola limodzi lokha, ndipo wina angati thambo ndi limodzi. Koma Makka ili kumpoto kwa ikweta ndi madigiri 21, Blantyre kumwera ndi madigiri pafupifupi 16, ndipo mwezi suima mofanana pamwamba pa malo awiriwa. Madzulo a 20 Epulo 2023, dzuwa likulowa cha m'ma hafu 5, mwezi pamwamba pa Malawi unali ndi maola 11 okha, wocheperatu kuti diso liuone. Onjezanipo mitambo ya dzinja, chiperoni cha kumapiri a kumwera, ndi utsi wa moto wolusa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala.

Idi ya nsembe ili ndi vuto lake lowonjezera. Imagwa pa 10 Zulihija, tsiku lotsatira kuima kwa mahaji pa Arafa. Ena amati popeza Haji ili ku Makka, dziko lonse lizinga nyama tsiku lotsatira Arafa. Ena amati tsiku la 10 liwerengedwe kuchokera pamene mwezi unaoneka kwanuko, monga Asilamu akutali ankachitira zaka mazanamazana asanakhale ndi njira yodziwira za ku Makka. Mu Juni 2023 Saudi Arabia inachita Idi imeneyi pa 28, a Muhammadiyah pa 28 pomwepo, boma la Indonesia pa 29.

Pali chinthu china chimene chimautsa mkangano Idi itadutsa kale. Amene anamanga masiku 30 amatuluka madzulo otsatira n'kuona mwezi wonenepa, uli pamwamba, ndipo wina amati uwu ndi wa masiku awiri, tinaphonya dzulo. Masamu ake ndi osavuta. Mwezi umene Lachinayi unali ndi maola 11 n'kukhala wosaoneka, Lachisanu madzulo unali ndi maola 35, utatalikira dzuwa madigiri oposa 17, pafupifupi nkhonya ziwiri. Kunenepa kwake sikusonyeza kuti dzulo unali wooneka. Maulama a mbali zonse amaphunzitsanso kuti munthu wamba amene watsatira atsogoleri odalirika a dera lake, swaumu yake ndi Idi yake n'zolandirika, ndipo pali hadisi imene imalimbikitsa kumanga ndi kumasula limodzi ndi gulu.

Anthu ayesapo kugwirizanitsa. Mu 2016 bungwe la zachipembedzo la boma la Turkey linaitanitsa msonkhano wa maulama ndi akatswiri a zakuthambo ku Istanbul, ndipo ambiri anavotera kalendala imodzi ya dziko lonse. Muyeso wake ndi wakuti mwezi ukafika madigiri 5 pamwamba ndi madigiri 8 kutalikira dzuwa pamalo ena alionse padziko, malinga ndi malire a nthawi amene anaikidwa, mwezi watsopano wayamba kwa onse. A Muhammadiyah anasiya lamulo lawo lakale n'kutenga kalendala imeneyi mu 2025. Otsutsa amafunsa kuti munthu wa ku Papua angachite bwanji Idi chifukwa cha mwezi umene ukaonekera ku America iye atagona kale, pamene kwawo mwina unalowa dzuwa lisanalowe.

Boma la Indonesia ndi Nahdlatul Ulama akadali pa muyeso wa madigiri 3 ndi 6.4. Madzulo a tsiku la 29 oyang'ana amakwerabe pamapiri ndi makina awo, amaimika zipangizo kuloza kumene akatswiri a masamu awauza, ndipo amakhala ndi mphindi zochepa chabe, nthawi zina zosakwana 15, kuchokera pamene dzuwa labisika mpaka pamene mwezi nawo walowa.